Momwe mungawerengere tebulo la lojisitiki rigiresheni pa nkhani ya ana obadwa ndi sikelo yotsika

Anthu ambiri akalandira tebulo la zotsatira amathamangira kudanga lomaliza kukafuna manambala a p ochepera 0.05, n'kuyamba kulemba lipoti. Ine ndikupemphani kuti danga limenelo muliphimbe kaye ndi chala. Tiyambira kumanzere, ndipo tigwiritsa ntchito tebulo lenileni lomwe mungathe kulitulutsa nokha pa kompyuta yanu.

Manambala ake ndi a amayi 189 omwe anachira pa chipatala cha Baystate mumzinda wa Springfield, m'chigawo cha Massachusetts ku Amerika, m'chaka cha 1986. Anatchuka chifukwa akatswiri awiri, Hosmer ndi Lemeshow, anawagwiritsa ntchito pophunzitsira, ndipo mu pulogalamu ya R mumawapeza ndi dzina loti `birthwt`. Mwa ana 189 aja, 59 anabadwa osakwana magalamu 2,500, omwe ndi malire amene bungwe la WHO limagwiritsa ntchito ponena kuti mwana wabadwa ndi sikelo yotsika. Otsala 130 anakwana. Malamulo otulutsira tebulo ndi awa:

```
library(MASS)
m <- glm(low ~ age + lwt + factor(race) + smoke + ptl + ht + ui + ftv,
         family = binomial, data = birthwt)
summary(m)
exp(cbind(OR = coef(m), confint.default(m)))
```

Zotuluka pa malamulo awiri omalizawo ndaziphatikiza pamodzi, n'kudula manambala ataliatali ndi kuchotsa mzere wa `(Intercept)` ndi danga la `z value`:

```
               Estimate  Std. Error    OR   2.5 %  97.5 %  Pr(>|z|)
age              -0.030       0.037  0.97    0.90    1.04     0.425
lwt              -0.015       0.007  0.98    0.97    1.00     0.026
factor(race)2     1.272       0.527  3.57    1.27   10.03     0.016
factor(race)3     0.880       0.441  2.41    1.02    5.72     0.046
smoke             0.939       0.402  2.56    1.16    5.62     0.020
ptl               0.543       0.345  1.72    0.87    3.39     0.116
ht                1.863       0.698  6.44    1.64   25.29     0.008
ui                0.768       0.459  2.15    0.88    5.30     0.095
ftv               0.065       0.172  1.07    0.76    1.50     0.705
```

Mayina a kumanzerewo akutanthauza izi: `age` ndi zaka za mayi, `lwt` ndi kulemera kwake pa nthawi yomwe anasamba komaliza asanatenge pakati, `race` ndi mtundu wake malinga ndi kagawidwe ka ku Amerika, `smoke` ndi kusuta fodya ali woyembekezera, `ptl` ndi kangati m'mbuyomu matenda a uchembere anamuyamba masiku asanakwane, `ht` ndi mbiri ya kuthamanga kwa magazi, `ui` ndi chiberekero chomakungika pafupipafupi nthawi isanakwane, ndipo `ftv` ndi maulendo okaonana ndi dokotala m'miyezi itatu yoyambirira.

Choyamba: dziwani chimene chapatsidwa nambala 1

Lojisitiki rigiresheni imagwira ntchito pa funso la inde kapena ayi. Kompyuta sidziwa kuti inu mukudera nkhawa ana ochepa thupi. Imangotsata gulu lomwe lapatsidwa nambala yaikulu. Mu `birthwt`, mwana wosakwana magalamu 2,500 ndi 1, wokwana ndi 0, choncho tebulo lonse likukamba za kubadwa ndi sikelo yotsika. Koma pa fomu ya kafukufuku anthu amakonda kulemba 1 kwa inde ndi 2 kwa ayi. Mukalowetsa zimenezo mu SPSS, pulogalamuyo imatenga 2 ngati chochitikacho, ndipo tebulo lonse limatembenuka: kusuta fodya kuoneka ngati kumateteza mwana. Onani kabokosi kolembedwa `Dependent Variable Encoding` musanawerenge china chilichonse. Mukaona kuti zinthu zodziwika kuti n'zoipa zonse zili ndi nambala yochepera 1 m'danga la OR, nambala yoyerekezera magulu awiri yomwe tiione bwino pansipa, musathamangire kunena kuti mwatulukira chatsopano, bwererani mukaone manambala a 0 ndi 1.

Onaninso kuti danga lomwe mukuwerenga ndi liti. `Estimate` mu R, kapena `B` mu SPSS, si OR ayi, ndi logarizimu yake. Kuti mupeze OR mumachita `exp(0.939)`, yomwe ndi 2.56. SPSS imaika kale OR pansi pa `Exp(B)`. Mu Stata, lamulo la `logistic` limapereka OR pomwe `logit` limapereka nambala yosatembenuza ija. Pa `Estimate`, posasintha kanthu ndi pa 0; pa OR ndi pa 1.

Chachiwiri: werengani OR imodzi ndi pensulo

Musanakhulupirire nambala ya kompyuta, tengani mzere umodzi muuwerengere pamanja. Titenge wa fodya. Amayi osuta analipo 74: mwa iwo 30 anabereka ana a sikelo yotsika, 44 ayi. Osasuta analipo 115: 29 anabereka ana a sikelo yotsika, 86 ayi.

Pali njira ziwiri zoyezera. Yoyamba ndi chiopsezo: ana okhudzidwa kugawa ndi ana onse. Kwa osuta, 30 mwa 74 ndi 40.5 peresenti, kwa osasuta, 29 mwa 115 ndi 25.2 peresenti. Mukagawa ziwirizi mupeza 1.6. Yachiwiri ndi maodzi: ana okhudzidwa kugawa ndi osakhudzidwa. Kwa osuta, 30 kugawa ndi 44 ndi 0.68, kwa osasuta, 29 kugawa ndi 86 ndi 0.34. Mukagawa maodzi awiriwa mupeza 2.02, ndipo imeneyi ndiyo OR. Mawu oti maodzi mwina munawamva kwa anyamata obetcha mpira, koma musabwere nawo kuno matanthauzo awo: kubetcha, maodzi akakula ndiye kuti timuyo ili ndi mwayi wochepa, pomwe kuno maodzi akakula ndiye kuti chinthucho chikuchitika kwambiri.

Mwaona kuti amayi omwewo atipatsa 1.6 ndi 2.02. Nambala zonse ziwiri n'zoona, koma zikuyankha mafunso osiyana. Apa ndi pomwe malipoti ambiri amaterereka, chifukwa wolemba amaona OR ya 2 n'kulemba kuti chiopsezo cha osuta n'chowirikiza kawiri. Si choncho. Chiopsezo chinachoka pa 25 kufika pa 41 peresenti, chomwe si kuwirikiza kawiri. OR imayandikana ndi kuwirikiza kwa chiopsezo pokhapokha vutolo likakhala losowa, monga likakhudza anthu osakwana 10 mwa 100 alionse. Kuno likukhudza 59 mwa 189, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu, ndiye OR ikuoneka yaikulu kuposa mmene chiopsezo chakulira. Pa chipatala chachikulu chomwe chimalandira amayi otumizidwa chifukwa cha mavuto, ana a sikelo yotsika amachulukanso chimodzimodzi, ndipo msampha wake ndi womwewu.

Chachitatu: funsani kuti akuyerekezedwa ndi ndani

Mzere ulionse m'tebulo ndi kuyerekeza, ndipo mbali imodzi ya kuyerekezako kawirikawiri siionekera. Pa `smoke` n'zosavuta: osuta poyerekeza ndi osasuta. Pa `race` pali magulu atatu koma mizere ndi iwiri yokha. Gulu losowalo, la nambala 1, ndi amayi achizungu, ndipo ndilo loyerekezera. Choncho 3.57 ndi amayi akuda a ku Amerika poyerekeza ndi achizungu, 2.41 ndi amitundu ina poyerekeza ndi achizungu omwewo. Tebulo silikukuuzani mwachindunji ngati gulu lachiwiri likusiyana ndi lachitatu. R imatenga gulu loyamba kukhala loyerekezera, pomwe SPSS imatenga lomaliza ngati simunaiuze china, ndiye anthu awiri okhala ndi manambala ofanana angathe kutulutsa matebulo ooneka osiyana onse ali olondola. M'tebulo la lipoti lanu, lembani gulu loyerekezeralo pa mzere wakewake ndi OR ya 1.00 kuti wowerenga asavutike.

Mizere ya zinthu zoyezedwa, monga zaka ndi kulemera, imafuna funso lina: kusintha kwa muyeso umodzi ndi kochuluka bwanji? Taonani `lwt`. OR yake ndi 0.98, ndipo munthu wothamanga anganene kuti kulemera kwa mayi kulibe ntchito. Koma `lwt` inayezedwa mu mapaundi, ndipo paundi imodzi siikwana n'komwe theka la kilogalamu. Palibe amene amasiyanitsa amayi awiri ndi paundi imodzi. Kuti muone kusiyana kwa makilogalamu 10, omwe ndi mapaundi pafupifupi 22, chulukitsani `Estimate` yosadula, -0.0154, ndi 22, kenako muchite `exp(-0.339)`. Yankho ndi 0.71. Ndiye kuti mayi woposa mnzake ndi makilogalamu 10 anali ndi maodzi otsika ndi 29 peresenti. Nambala yomwe imaoneka ngati yopanda pake ija yasanduka ya tanthauzo. Samalani kuti musachulukitse OR yeniyeniyo ndi 22. Chochulukitsa ndi `Estimate`.

Modelo, njira yowerengera yomwe yatulutsa tebuloli, ikuganizanso kuti paundi iliyonse imachita zofanana, kaya mayi ndi woonda kwambiri kaya wonenepa kwambiri. Pa zaka, ganizo limeneli limavuta, chifukwa atsikana aang'ono kwambiri ndi amayi achikulire onse angathe kukhala pa chiopsezo chokwera kuposa apakati. Mzere umodzi wowongoka sungagwire zimenezi, ndipo umangotuluka ngati 0.97 wopanda nkhani. Mukakayikira, gawani zaka m'magulu muone mmene zikuyendera.

Chachinayi: chifukwa chiyani 2.02 yasanduka 2.56?

Pensulo yatipatsa 2.02 koma tebulo likuti 2.56. Palibe walakwitsa. Ya pensulo ndi OR yosakonza, yomwe imangoyerekeza osuta onse ndi osasuta onse. Ya m'tebulo ndi yokonza, yomwe m'malipoti imalembedwa AOR kapena aOR: imayerekeza osuta ndi osasuta omwe akufanana pa zina zonse zili mu modelo, monga zaka, kulemera, mtundu ndi mbiri ya kuthamanga kwa magazi.

Gawo lalikulu la kusinthaku likuchokera ku mtundu. Mwa amayi achizungu 96, osuta anali 52, kuposa theka. Mwa amitundu ina 67, osuta anali 12 okha. Koma achizunguwo ndi omwe anali ndi ana a sikelo yotsika ochepa, 23 mwa 96, pomwe amitundu ina anali ndi 25 mwa 67. Ndiye gulu la osuta linadzaza ndi amayi omwe pa zifukwa zina chiopsezo chawo chinali chotsika kale, ndipo izi zinabisa mbali ina ya kuipa kwa fodya. Modelo itawayerekeza ofanana okhaokha, kuipako kunaonekera bwino. Chinthu chotere, chogwirizana ndi kusuta komanso ndi sikelo ya mwana, timachitcha chosokoneza. Nthawi zambiri kukonza kumachepetsa OR, koma apa kwaikweza, ndipo n'chifukwa chake ndimakonda tebulo loika OR yosakonza ndi yokonza moyandikana. Zikasiyana kwambiri, fufuzani chomwe chasuntha nambalayo ndipo muchitchule m'lipoti.

Mawu oti zina zonse amanyenga. Akutanthauza zokhazo zomwe zili m'tebulo. Maphunziro a mayi, chuma cha pakhomo ndi zakudya mulibe mu modeloyi, choncho sizinakonzedwe. Izi zikukhudza makamaka mzere wa mtundu. OR ya 3.57 sikunena kuti khungu lakuda limachepetsa mwana. Mzerewo wanyamula zonse zomwe zimasiyanitsa moyo wa magulu amenewa ku Amerika koma sizinayezedwe. Musautenge n'kukaugwiritsa ntchito pa amayi a ku Ntcheu kapena ku Chipata.

Ngati mukufuna kuuza anamwino kukula kwa 2.56 m'chilankhulo cha chiopsezo, chitani chonchi. Tengani maodzi a osasuta, 0.337, chulukitsani ndi 2.56, mupeza 0.86. Kenako gawani 0.86 ndi 1.86, mupeza 46 peresenti. Ndiye kwa mayi yemwe chiopsezo chake ndi 25 peresenti osasuta, OR imeneyi ikumufikitsa cha pa 46. N'kuyerekeza chabe, koma kumamveka bwino kuposa kungoti 2.56.

Chachisanu: malire awiri aja, kenako p

Madanga a `2.5 %` ndi `97.5 %` ndi malire a 95% CI. Mwachidule, ndi mtunda wa manambala omwe akugwirizana bwino ndi zomwe kafukufuku wapeza. Amapangidwa potenga `Estimate`, kuchotsa ndi kuwonjezera 1.96 kuchulukitsa ndi `Std. Error`, kenako kuchita `exp` mbali zonse. N'chifukwa chake OR siikhala pakatikati pa malire ake: 2.56 ili pafupi ndi 1.16 kuposa 5.62, ndipo si vuto.

Funso loyamba ndi lodziwika: kodi 1 ali mkati? Pa `smoke`, malire ndi 1.16 mpaka 5.62, 1 ali kunja, ndipo p ndi 0.020. Ziwirizi zimayendera limodzi. Pa `lwt` mukuona 1.00 kumapeto komabe p ndi 0.026, n'chifukwa cha kudula manambala, malire enieni ndi 0.998. Pa mizere yotere lembani manambala atatu pambuyo pa kadontho.

Funso lachiwiri ndi lomwe ambiri amalumpha: malirewo ndi otalikirana bwanji? Mzere wa `ht` ndiwo umakopa maso. OR ndi 6.44, p ndi 0.008, ndipo ambiri angalembe kuti kuthamanga kwa magazi ndiye chiopsezo chachikulu kuposa zonse. Koma malire ake akuyambira pa 1.64 kukafika pa 25.29. Chifukwa chake n'chakuti amayi a vutoli analipo 12 okha, ndipo 7 mwa iwo anabereka ana a sikelo yotsika. Mayi mmodzi kapena awiri akanakhala mbali inayo, nambalayo ikanasuntha kwambiri. Chomwe tinganene n'chakuti kugwirizana kulipo ndipo kungathe kukhala kwakukulu, koma kukula kwake kafukufukuyu sanakuyeze bwino. Malire ake akulowererana ndi a fodya, choncho kusanja kuti ichi ndi choyamba, icho chachiwiri, n'kudzinamiza.

Mbali inayo pali `ui`: OR 2.15, malire 0.88 mpaka 5.30, p 0.095. Apa cholakwika chofala n'kulemba kuti palibe kugwirizana. Koma mwa amayi 28 a vutoli, 14 anabereka ana a sikelo yotsika, theka lathunthu, ndipo mtunda waukulu wa malirewo uli pamwamba pa 1. Zoona zake n'zakuti amayiwo ndi ochepa kuti titsimikize. Yerekezani ndi `ftv`, yomwe OR yake ndi 1.07 ndipo malire ake ndi 0.76 mpaka 1.50: imeneyi ili pafupi ndi 1 ndipo ikugwera mbali zonse mofanana. Mizere iwiriyi yonse ili ndi p yoposa 0.05 koma sikunena zofanana. Onaninso `factor(race)3`, yomwe p yake ndi 0.046 ndipo malire apansi ndi 1.02: yangodutsa mopulumukira. Kusiyana kwa umboni pakati pa 0.046 ndi 0.095 n'kochepa kuposa mmene mawu oti yadutsa ndi yalephera amamvekera.

Tsopano chotsani chala chija. Nambala ya p imayankha funso limodzi lokha: zikanakhala kuti palibe kugwirizana kulikonse, kukanakhala kosavuta bwanji kupeza zotsatira zotalikira chonchi kapena kuposa apa? Siinena kukula kwa vuto, siinenanso mwayi woti zomwe mwapeza n'zoona. Pulogalamu ikakupatsani `.000`, lembani p < 0.001.

Chachisanu ndi chimodzi: kodi tebulo lili ndi mphamvu zonyamula zonsezi?

Werengani ana okhudzidwa, osati amayi onse. Kuno ndi 59, ndipo mizere ndi 9, ndiye mzere ulionse ukutsamira pa ana osakwana 7. Lamulo lachizolowezi limati pafunika pafupifupi 10 pa mzere. Si lamulo lokhwima, koma likufotokoza chifukwa chake malire ambiri m'tebuloli ndi otakasuka. Mukaona OR ya mazanamazana, kapena malire ochoka pa 0 kupita ku nambala yosawerengeka, ndiye kuti pali gulu lina lomwe mulibe mwana wokhudzidwa ngakhale mmodzi, kapena onse ndi okhudzidwa. Nambala yotere musailembe m'lipoti. Bwererani mukawerenge amayi omwe ali m'gulu lililonse. Onaninso chiwerengero cha amayi omwe alowa mu modelo. Pulogalamu imataya mwakachetechete mayi aliyense wosowa yankho ngakhale limodzi, ndipo ngati mumatenga manambala m'kaundula wa kuchipinda chochirira momwe madanga ena sanadzazidwe, mungapeze kuti ambiri agwera panjira.

Pali msampha wina womwe tebulo silingakuonetseni, ndipo ndi wofunika kwa inu amene mukufufuza kwathu kuno. Mwana amabadwa ndi sikelo yotsika pa zifukwa ziwiri: kubadwa masiku asanakwane, kapena kusakula bwino m'mimba. Mukaika chiwerengero cha maulendo onse a kusikelo mu modelo, mudzapeza kuti opita kambiri anabereka ana olemera. Mbali ina ya izi n'chifukwa chakuti wobereka pa miyezi isanu ndi iwiri analibe nthawi yokwaniritsa maulendowo. Chimodzimodzi ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mayi anamwa SP woteteza ku malungo: mimba yaifupi imapereka mpata wochepa womwera. Omwe anasonkhanitsa `birthwt` anawerenga maulendo a miyezi itatu yoyambirira yokha, zomwe zimapewa vutoli. Komanso mukaika kutalika kwa mimba mu modelo, OR ya chinthu chomwe chimavulaza mwana pomufulumizitsa kubadwa imatsika, osati chifukwa chakuti chinthucho n'chabwino, koma chifukwa mwatseka njira yomwe chimadzera.

Chomaliza: kulemba chiganizo

Chiganizo chabwino chimatchula magulu oyerekezedwa, mawu oti maodzi, malire, ndi zomwe zakonzedwa. Cha fodya chingakhale chonchi: Amayi osuta fodya ali oyembekezera anali ndi maodzi obereka mwana wosakwana magalamu 2,500 owirikiza ka 2.56 poyerekeza ndi osasuta (AOR 2.56, 95% CI 1.16–5.62; p = 0.020), titakonza za zaka, kulemera, mtundu, mbiri ya uchembere ndi ya kuthamanga kwa magazi, kukungika kwa chiberekero ndi maulendo a kwa dokotala. Cha `ui`: Maodzi anali okwera (AOR 2.15) koma malire ake, 0.88 mpaka 5.30, akuphatikiza 1, ndipo amayi a vutoli anali 28 okha. Cha `lwt` mulembe pa makilogalamu 10, n'kutchula kuti mwatero. Gwiritsani ntchito mawu oti kugwirizana ndi, osati kuchititsa: umboni woti fodya amachepetsa kulemera kwa mwana ulipo wambiri kuchokera ku kafukufuku wina, koma tebulo ili palokha, la amayi 189 a chipatala chimodzi, likungoonetsa kugwirizana.